Chitenje chouluka ndi mphepo: chifukwa chiyani chithunzi changa chikuoneka chabodza?

"Akuluakulu ndithandizeni. Ndajambula ndi pensulo mayi ataima pa Emperor's View ku phiri la Zomba, chitenje chikuuluka, zingwe zakumutu zikuulukanso. Aliyense akuti chinachake sichili bwino koma sakunena kuti n'chiyani."

Achimwene, chithunzi mwaikachi chili ndi mphepo zitatu. Chitenje chikupita kumanja, zingwe kumanzere, pomwe udzu ndi mitengo ya paini zangoti njo ngati kulibe mphepo. Woona sangatchule vutolo, koma diso lake laligwira kale.

Musanayambe kujambula munthuyo, lembani muvi umodzi mopepuka pakona ya pepala, wosonyeza kumene mphepo ikulowera. Chilichonse chomwe chingagwedezeke chimvere muvi umenewo. Pamalo mwasankhapo pali chinanso: mphepo ikagunda phompho imakwera. Ngati ndi mwera wa mu Juni kapena Julayi, wochokera kum'mwera chakum'mawa, ndipo mayiyo akuyang'ana kumene kuli Mulanje, mphepo ikumumenya kumaso kuchokera m'munsi. Muviwo uloze kumbuyo kwake, utapendekera m'mwamba pang'ono.

Kumvera muvi sikutanthauza kuti zonse ziuluke mofanana. Chilichonse chimapita molingana ndi kulemera kwake. Sankhani mphamvu ya mphepo kaye. Ya makilomita 12 mpaka 19 pa ola imagwedeza masamba ndi kutambasula mbendera yopepuka. Ya 20 mpaka 28 imanyamula fumbi ndi kugwedeza nthambi zing'onozing'ono. Tiyerekeze mwatenga yachiwiriyi. Udzu uwerame ndithu, nsonga za paini zipendekere pang'ono koma thunthu lisasunthe, utsi ngati ulipo ugone. Michira ya duku iuluke kwambiri chifukwa ndi yopepuka. Zingwe zoluka n'zolemera, choncho pafupi ndi mutu zimalendewerabe, kumapeto kokha n'kumene zimakhotera kumbuyo. Tsitsi lathu lachilengedwe likakhala lalifupi silisuntha n'komwe, ndiye musalikakamize. Ambiri amatengera zojambula za kunja n'kumaliulutsa ngati ulusi, n'chifukwa chake zimaoneka zachilendo.

Tsopano chitenjecho, pomwe pali ntchito yeniyeni. Nsalu ya mamita awiri yomangidwa m'chiuno siuluka yonse. Mbali yomwe mphepo ikumenya, nsalu imamatirira pathupi mpaka bondo ndi ntchafu zioneke maonekedwe ake, ndipo pamenepo makwinya amakhala ochepa, okokeka. Mbali inayo ndi imene imafufuma, ndipo chouluka kwenikweni ndi mpendero wam'munsi ndi kansonga kotsala pomwe anapisira. Khwinya lililonse liyambire pamene nsalu yagwidwa, kaya pamfundo ya m'chiuno, pabondo kapena padzanja logwira, kenako litambasukire kumene muvi ukuloza. Pafupi ndi pogwidwapo mizere ikhale yothinana ndi yowongoka, ikamatalikira izimasuka n'kumapindika. Inu mwafufumitsa mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake mayiyo akuoneka ngati wavala ambulera. Maluwa a pachitenje nawonso apindike motsatira makwinyawo, ena abisike theka. Akangokhala athunthu ofanana, nsalu imaoneka ngati thabwa.

Munthu akamayenda nkhani imasintha pang'ono, chifukwa nsalu imamva mphepo ziwiri: yakunja ndi yomwe iye akupanga poyenda. Mtsikana wothamanga kulibe mphepo, diresi ndi zingwe zimatsalira kumbuyo pomwe udzu uli chiimire, ndipo zimenezo n'zolondola. Koma taganizani mayi ali pa kabaza akupita ku Matawale pa makilomita 20 pa ola, mphepo ya makilomita 20 ikuwomba kuchokera kumbuyo. Ziwirizi zimathetsana. Chitenje chake chimangolendewera, koma fumbi ndi udzu wa m'mbali mwa msewu zikupita kutsogolo. Mphepo yomweyo ikachokera kutsogolo, nsalu imamva makilomita 40, ndiye imakupizika zolimba. Pa wovina amene akutembenuka, chiuno chimayamba, nsalu imatsatira mochedwa, mpendero n'kukhala womaliza. Akaima mwadzidzidzi mpenderowo umapitirirabe kaye usanagwe.

Malo enanso pomwe kusemphana kumaloledwa ndi kuseri kwa khoma kapena mwala waukulu, pomwe mphepo imazungulira. Koma mwalawo uoneke m'chithunzi, apo ayi woona aziti mwalakwitsa.

Pokonza chanuchi musafufute zonse. Chitenje chisiyeni chipite kumanja, muphwetse mbali yakumanzere kuti mwendo uoneke, zingwe muzitembenuze nsonga zokha, udzu muuweramitse kumanja. Amene mumajambula pa foni kapena pa kompyuta, mukatembenuza munthu ndi Flip Horizontal kumbukirani kuti mitengo ndi utsi zili pa leya ina, sizitembenuka nawo. Mukamaliza, ikani pepala pagalasi loonera nkhope. Likatembenuzika, mzere uliwonse wotsutsana ndi muvi umaonekera msanga.