Chithunzi cha pa LinkedIn: nkhope yanu izioneka bwino, chikwangwani chizinena ntchito yanu

"Ndine akauntanti, ndikufuna ntchito ku mabanki ndi mabungwe omwe si aboma. Pa LinkedIn ndinaika chithunzi cha tsiku lomwe ndinavala gauni, ndipo malo aatali a pamwamba aja ndinangowasiya. Mnzanga akuti sizikuoneka ngati za munthu wapantchito. Ndiike chotani, poti ndalama yopitira ku situdiyo ndilibe?"

Achemwali, mnzanuyo wakuuzani zoona, koma situdiyo simukuifuna. Foni yabwinoko, khonde ndi munthu wokujambulani zikukwanira.

Vuto la gauni ndi loti imauza wolemba ntchito kuti mwangotuluka kumene kusukulu, ngakhale mutakhala kuti mwagwira ntchito zaka zisanu. Vuto lina ndi la kukula. Inu chithunzicho mumachiona chodzaza foni yonse, koma bwana amene akusanthula mayina a ofunsira ntchito amachiona chili kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, chodulidwa mozungulira. Mukaima thupi lonse, nkhope imasanduka kadontho. N'chifukwa chake chithunzi choyenera chimayambira pachifuwa kufika pamwamba pang'ono pa mutu, ndipo nkhope imatenga malo opitirira theka la bwalolo. Musiye mpata pang'ono pamwamba pa tsitsi ndi m'mbali, chifukwa ngodya zonse zinayi zimadulidwa.

Kajambulidwe kake ndi komwe ambiri amalakwitsa, ndiye tichedwepo. Musadzijambule nokha ndi kamera yakutsogolo. Foni ikakhala pafupi ndi nkhope, mphuno ndi chipumi zimaoneka zazikulu kuposa mmene zilili, makutu n'kumabisala. Perekani foni kwa munthu wina, agwiritse kamera yakumbuyo, aime pamtunda wa mita imodzi ndi theka kapena awiri, foni ili molingana ndi maso anu. Ngati foniyo ili ndi batani la 2x, alidine. Asanayambe apukute galasi la kamera ndi kansalu kofewa, poti mafuta a m'manja ndi amene amachititsa chithunzi kuoneka ngati muli mu nkhungu.

Kuwala ndiko kumapanga kapena kuononga chithunzi cha munthu wa khungu lakuda. Kamera ya foni imayeza kuwala kwa malo onse pamodzi. Mukaima kutsogolo kwa khoma loyera lomwe likuwombedwa ndi dzuwa, kapena zenera lili kumbuyo kwanu, kamera imachepetsa kuwala kuti khomalo lisathobwe, ndipo nkhope yanu imada mpaka kumangooneka mano ndi maso. Choncho imani pamthunzi wa khonde mutayang'ana kumene kukuchokera kuwala, kapena m'nyumba pafupi ndi zenera lalikulu, zeneralo lili kutsogolo kwanu chakumbali pang'ono. Dzuwa la masana lipeweni: limachokera pamwamba, limaika mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, ndipo limakutsinzinitsani. M'mawa 9 koloko isanakwane kapena madzulo 4 koloko itadutsa ndi nthawi yabwino. Wojambulayo agunde ndi chala pankhope panu pa sikirini kuti kamera iyeze kuwala kuchokera pamenepo, ndipo ngati mukuonekabe mwakuda, akweze pang'ono kachizindikiro kowonjezera kuwala kamene kamatuluka pambali pake.

Talikiranani ndi khoma ndi mita imodzi kapena kuposa, kuti mthunzi wanu usagwerepo. Khoma lotuwa kapena mpanda wamaluwa wobiriwira ndi bwino kuposa loyera mbee. Zimitsani Beauty ndi zonse zosalalitsa khungu. Zimayeretsa nkhope n'kuipanga ngati ya chidole, ndipo tsiku la intavyu anthu adzadabwa kuona munthu wina akulowa.

Pa zovala, lamulo langa ndi limodzi: valani zomwe mungavale pa intavyu ya ntchito imene mukuifunayo. Kwa akauntanti wolunjika ku banki, ndiye jekete yakuda kapena yabuluu woderako, mkati bulauzi yopanda maluwa ambiri. Bulauzi yoyera yokhayokha imabweretsa vuto la khoma loyera lija, pomwe jekete imachepetsa kuyerako. Nsalu za timizere ting'onoting'ono zimaoneka ngati zikunjenjemera chithunzi chikachepetsedwa. Kumabungwe anthu sakhwimitsa kwambiri, ndipo chovala cha chitenje chosokedwa bwino chimalandirika, koma popeza mukuponya mbedza mbali ziwiri, tsatirani mbali yokhwimayo. Akanakhala mlangizi wa zaulimi kapena injiniya wa zomangamanga ndikanamuuza zina, malaya a kolala ndi munda kapena chimango cha nyumba chikuoneka patali, chifukwa suti ingamuonetse ngati munthu amene sanapondepo matope.

Jambulani zithunzi makumi awiri kapena atatu, mapewa mutawatembenuza pang'ono, nkhope itayang'ana kamera, mukumwetulira monga mmene mumalandirira mlendo mu ofesi. Ngati foni ndi yamwini, asakutumizireni pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chifukwa imachipanikiza n'kuchichepetsa. Atumize posankha Document. LinkedIn imafuna chithunzi chosachepera mapikiselo 400 x 400, cha JPG kapena PNG, chosapitirira 8MB. Kamera ya 12MP imatulutsa cha 3000 x 4000, ndiye ngakhale mutadula n'kutsala ndi 1200 x 1200 muli pabwino. Mukachiika, onani kuti mwalola ndani kuchiona. Mukasiya kuti azichiona anthu olumikizana nanu okha, wolemba ntchito amene simunalumikizane naye sachiona. Sankhani All LinkedIn members kapena Anyone.

Tsopano malo aatali aja, omwe ndimawatcha chikwangwani chifukwa ntchito yake ndi yofanana ndi cha pasitolo. Muyeso wake ndi 1584 x 396, kutanthauza kuti m'litali ndi kanayi kuyerekeza ndi msinkhu wake. Mukaikapo chithunzi wamba cha pafoni cha 4000 x 3000, pamatsala kachigawo ka 4000 x 1000 basi, ndipo magawo awiri mwa atatu amatayika. Ndiye chifukwa chake mumaona zikwangwani za anthu odulidwa mitu. Tsegulani pulogalamu yokonzera zithunzi ya Canva, sankhani Custom size, lembani 1584 ndi 396, mukonzere momwemo.

Chithunzi chanu chozungulira chija chimakhala chakumanzere, ndipo chimaphimba gawo lam'munsi la chikwangwanicho, pafoni kwambiri kuposa pakompyuta. Gawo limodzi mwa atatu lakumanzere musalembepo kanthu. Kwa inu ndingasankhe mtundu umodzi wodekha, monga buluu woderako wogwirizana ndi jekete ija, ndipo chakumanja mzere umodzi wa zilembo zoyera zazikulu wotchula zomwe mumachita: malipoti a zachuma, misonkho ya MRA, ndalama za mapulojekiti a mabungwe othandiza. Lembani m'chilankhulo chimene zotsatsa ntchito zanu zimatulukira. Ngati ndinu membala wa bungwe la maakauntanti la ICAM, litchuleni m'mawu, koma chizindikiro cha bungwelo kapena cha kampani yomwe mukugwirako musachiike popanda chilolezo.

Pali chinthu chimodzi chomwe akauntanti ayenera kusamala nacho kuposa ena. Musajambule desiki yanu pali mapepala enieni kapena sikirini yotsegula. Munthu akakulitsa chithunzi amatha kuwerenga dzina la kasitomala ndi ndalama zake, ndipo ku banki zimenezo zikhoza kukutsekerani khomo musanagogode. Milu ya ndalama ndi zithunzi za nyumba zosanja za kunja zotengedwa pa intaneti nazonso zisiyeni, poti sizinena chilichonse cha inu ndipo zambiri zili ndi eni ake.

Mukamaliza, tsegulani tsamba lanu pafoni komanso pakompyuta, chifukwa kadulidwe kake kamasiyana. Kenako pemphani mnzanu uja alembe dzina lanu posakira anthu, aone kachithunzi kakang'ono kamene katuluke pambali pa dzinalo. Ngati sakukuzindikirani msanga pamenepo, bwererani pomwe mumadulira chithunzi muyandikitse nkhope.