Kodi mpingo unali mbali ya ndani pa nkhondo ya ufulu?

"Agogo anga aamuna ankakonda kunena kuti mmishonale ndi mtsamunda anali mapasa, wina wanyamula Baibulo wina mfuti. Koma Lamulungu lapitali abusa athu analalikira kuti popanda mpingo dziko lino silikanapeza ufulu. Ndimve ziti?" Wandilembera choncho ndi mayi wina wa ku Zomba.

Mayi, agogo anu sananame, ndipo abusa anunso sananame. Chosokoneza ndi liwu lakuti mpingo, chifukwa timalitchula ngati ndi munthu mmodzi wa mtima umodzi. M'nthawi ya atsamunda munali mipingo yambiri, ndipo ngakhale m'tchalitchi chimodzi mzungu wa paguwa ndi mphunzitsi wachikuda wokhala pabenchi sankalota maloto amodzi. Choncho ine munthu akandiuza za mpingo ndi ufulu ndimayamba ndafunsa kuti mpingo uti, anthu ati, chaka chiti.

Za John Chilembwe mukuzidziwa kale, ndingokhudzako pang'ono. Anali mbusa, ndipo ambiri amene anamutsatira pa 23 Januwale 1915 anali Akhristu a ku PIM ku Mbombwe, otopa ndi thangata ndiponso kuwotchedwa kwa nyumba zawo zopemphereramo m'minda ya ku Magomero. Koma musaiwale kuti anthu ake omwewo anakawotcha mishoni ya Akatolika ku Nguludi. Mmodzi wa amene ananyongedwa, John Gray Kufa, anali mkulu wodalirika wa mishoni ya Blantyre, ndipo azungu a minda anayamba kuloza chala sukulu za amishonale a ku Scotland kuti ndizo zikuwononga anthu akuda. Kale pamenepo mwaona kuti Akhristu anali mbali zonse za mkanganowo.

Kumene ine ndimaona dzanja lenileni la mpingo ndi malo osamveka kwambiri: m'kalasi ndi m'seshoni, bwalo la akulu a mpingo. Mnyamata wophunzira ku Livingstonia kapena ku Blantyre ankatuluka akudziwa Chingerezi, inde, koma akasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo ankaphunziranso kuyendetsa msonkhano. Pamakhala wapampando, mlembi, mfundo zolembedwa, kuvota, ndi kalata yopita ku bwalo lalikulu ngati simunakhutire. Luso limeneli analitenga nkupita nalo kunja kwa tchalitchi. Mu 1912 kunabadwa North Nyasa Native Association, mlembi wake Levi Mumba, wophunzira wa ku Livingstonia. Ena anatsatira, monga la West Nyasa mu 1914 ndi la Mombera mu 1920, ndipo m'mabungwe amenewa munadzaza aphunzitsi, makalaliki ndi abusa ngati Yesaya Zerenji Mwasi ndi Charles Chinula. Ankalembera boma za msonkho, za sukulu, za malipiro. Nyasaland African Congress itayamba mu 1944, pulezidenti wake woyamba anali Levi Mumba yemweyo.

Apa agogo anu akanaseka, chifukwa amishonale ambiri sanafune kuti zifike pamenepo. Livingstonia inatenga zaka pafupifupi 40 isanadzoze mbusa wachikuda, mpaka 1914. Mwasi, mmodzi wa atatu oyambawo, anatopa ndi kuyendetsedwa ngati mwana, ndipo mu 1933 anatuluka nkuyamba mpingo wake. Ndiye kuti mishoni inanola mpeni, koma sinkayembekeza kuti tsiku lina udzacheka mwini wake.

Chaka chimene ndikufuna muchiyang'anitsitse ndi 1959. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakakamizidwa pa anthu mu 1953, ndipo amene ankachiopa kwambiri anali aja anagwirapo ntchito ku Salisbury ndi ku Joni, oudziwa tsankho ndi maso awo. Mu 1958 Sinodi ya Blantyre inatulutsa chikalata chotsutsa chitaganya poyera. Nthawi imeneyo akulu ambiri a mpingo anali kale a Congress, ndiye sinodi inkangonena mokweza zimene Akhristu ake ankanena kunyumba. Chaka chomwecho, pa 6 Julayi, Kamuzu Banda anafika, iyenso mkulu wa mpingo wa ku Scotland.

Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza malamulo a nthawi ya chipwirikiti. Atsogoleri a Congress anagwidwa m'bandakucha, Kamuzu anatumizidwa kundende ya Gweru, ndipo ku Nkhata Bay asilikali anawombera anthu pafupifupi 20 padoko. Boma linkati Congress inakonza chiwembu chopha azungu. Ndege inawuluka pamwamba pa Khondowe, pamene pali mishoni ya Livingstonia, nkugwetsa uthenga wofunsa amishonale ngati akufuna kuchotsedwa kuti apulumuke. Azungu ndi akuda anakambirana, ndipo anayala njerwa zopaka laimu pakapinga kuti woyendetsa ndege awerenge: Aefeso 2:14, vesi lonena kuti Khristu ndiye mtendere wathu, amene anagumula khoma lotilekanitsa. Taganizani mmene yankholo linavutitsira boma. Ngati azungu okhala paphiri pakati pa anthu a Congress akukana kuthawa, nkhani ya chiwembu ija ikhala bwanji?

Koma chimene chinapweteka boma kwambiri sichinali njerwa. Mpingo unali ndi njira yofikira ku Britain yosadzera kwa bwanamkubwa. Amishonale ankalembera kwawo makalata ofotokoza amene amangidwa ndi mmene akukhalira, ndipo makalatawo ankafika m'manja mwa Akhristu a ku Scotland amene anali ovota. Mu Meyi 1959 msonkhano waukulu wa mpingo wa ku Scotland, motsogozedwa ndi mawu a mbusa George MacLeod, unaima kumbali ya anthu akuda a Nyasaland. Mu Julayi lipoti la woweruza Devlin linati dziko lino lasanduka lolamulidwa ndi apolisi, ndipo silinavomereze nkhani ya chiwembu monga boma linkaikambira. Pa 1 Epulo 1960 Kamuzu anatulutsidwa. M'miyezi ya chipwirikiti ija Congress inali italetsedwa, atsogoleri ali m'ndende. Amene anatsala ndi pakamwa potseguka anali mpingo. Apa ndiye abusa anu ali ndi mfundo, ngakhale ndikanakonda akanatchulanso anthu wamba amene anafa, chifukwa Scotland sikanayankhula popanda maliro a ku Nkhata Bay.

Musaganize kuti CCAP yonse inayenda limodzi. Amishonale a ku Nkhoma ankachokera ku mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa, ndipo sanalowe mu mkanganowu monga anzawo a Blantyre ndi Livingstonia. Akatolika nawonso, amene ansembe awo ambiri anali Achidatchi, Achifalansa kapena a ku Canada, analibe aphungu ku London oti awakankhe, ndipo atsogoleri awo ankaopa chikomyunizimu kuposa chitaganya. Mu 1960 Chester Katsonga atayambitsa Christian Democratic Party, a Malawi Congress Party anati chipanicho ndi cha Akibishopu Theunissen wa ku Blantyre, ndipo nyuzipepala yawo ya Malawi News inanyoza Akibishopuwo koopsa. Komabe m'midzi Akatolika ambirimbiri anagula khadi la MCP, ndipo pa chisankho cha Ogasiti 1961 chipani cha Katsonga, chimene chinali chitasintha dzina, sichinapeze mpando ndi umodzi womwe.

Ngati agogo anu aakazi akadalipo, kawafunseni kuti amuna awo ankapemphera kuti, ndipo nthawi ya chitaganya ankagwira ntchito kuti. Mukandiuza zimenezo, mwina ndingakuuzeni mmishonale wa mtundu wanji amene agogo ankamunena.