Anavulala pakhosi, nanga befu akuchokera kuti?

"Zikomo adokotala. Ndine mayi wa ku Chilomoni. Amuna anga anagwa pa njinga yamoto ya kabaza miyezi 3 yapitayo ndipo anathyoka fupa lopingasa la pansi pa khosi, kumanzere. Fupa linalumikizana, koma akagona chagada amabanika, akawerama kuti amange nsapato amachita befu. Ku Gulupu anawajambula n'kunena kuti mapapo ali bwino koma mtsempha wa m'khosi unavulala. Khosi ndi kupuma zikugwirizana bwanji? Adzachira?"

Mayi, mmene mwafotokozeramu, mtsempha umene anakuuzaniwo uyenera kukhala wa fureniki. Kuti muumvetse, tiyambire kumene umathera. Pakati pa chifuwa ndi mimba pali mnofu wopyapyala wotchedwa dayafulamu, wooneka ngati lichero lovundikira. Munthu akamakoka mpweya, mnofuwu umakungika n'kutsika, chifuwa chimakula, mpweya n'kulowa. Popuma mwakachetechete umatsika sentimita imodzi kapena ziwiri zokha, koma kutsika kochepako ndi kumene kumagwira gawo lalikulu la ntchito yopuma. Mnofuwu sudziyendetsa wokha. Umadikira uthenga wochokera ku ubongo, ndipo wobweretsa uthengawo ndi fureniki yekha, wina kumanja, wina kumanzere, aliyense ndi theka lake. Wa kumanja sangagwirizire ntchito ya wa kumanzere.

Chodabwitsa n'chakuti mtsemphawu umayambira kutali, m'khosi. Mwana akamaumbika m'mimba mwa mayi ake, dayafulamu imayambira cha m'khosi, kenako imatsika mtima ndi mapapo zikamakula, ndipo imatsika ikukoka mtsempha wake. Mizu yake ndi itatu, imene madokotala amaitcha C3, C4 ndi C5, ndipo waukulu ndi C4. Ikalumikizana, mtsemphawu umatsika pamwamba pa kamnofu ka m'mbali mwa khosi, kuseri kwa mnofu uja umatukuka mukatembenuza mutu. Ukafika kuseri kwa fupa lopingasa lija, chakufupi ndi pakati pa chifuwa, umadutsa pakati pa mitsempha iwiri ikuluikulu ya magazi ya kumkono n'kulowa m'chifuwa. Dera limeneli ndi limene linalandira nkhonya pa ngozi ya bambo. Sikuti fupa linachita kuudula ayi. Nthawi zambiri munthu akagwera paphewa mutu n'kupindikira mbali inayo, mtsempha umakokeka kapena kufinyika.

M'chifuwa umadutsa kutsogolo kwa tsinde la phapo, utamatirira ku thumba lokuta mtima. Wa kumanja umatsika molunjika motsatira mtsempha waukulu wobweretsa magazi ku mtima. Wa kumanzere umazungulira, kudutsa pa mtsempha waukulu wotulutsa magazi ndi m'mbali mwa mtima, n'kukalowa mu dayafulamu pafupi ndi nsonga ya mtimawo. N'chifukwa chake umavulalanso pa opaleshoni ya mtima, kapena kufinyidwa ndi chotupa cha m'phapo ngakhale mwanabere wa m'chifuwa wotupa ndi chifuwa chachikulu.

Mtsempha ukasiya kugwira ntchito, theka lake la dayafulamu limalobodoka. Silitsikanso. Choipa kwambiri n'chakuti mbali yabwino ikatsika n'kupanikiza za m'mimba, mbali yolobodokayo imakankhidwira m'mwamba pa nthawi yomwe imayenera kutsika, motero phapo la mbali imeneyo limalandira mpweya wochepa. Munthu akaimirira, matumbo ndi chifu zimalendewera pansi, ndiye amapezako mpata. Akagona chagada, zonsezo zimatsamira mnofu wopanda mphamvuwo n'kuukwezera m'chifuwa. Powerama zimakhala chimodzimodzi, ngakhalenso akakhuta nsima kapena akalowa m'madzi ofika m'chifuwa.

Tiyerekeze ndi manambala. Bambo amene asanavulale ankatha kutulutsa malita 4 a mpweya akauzira ndi mphamvu zonse m'kamakina koyezera mapapo, mbali imodzi ikalobodoka amatsikira cha pa malita 3 atakhala tsonga. Mukamugoneka n'kumuyezanso, akhoza kutsikira cha pa malita 2.4. Munthu wabwinobwino akagona amatsikako pang'ono chabe. Kusiyana kwa muyeso wokhala ndi wogona kumanena zambiri kuposa chithunzi, ndipo ndimadandaula kuti anthu ambiri amayezedwa atakhala basi. Mukapita kukayezetsa, pemphani kuti ayezedwenso atagona.

Pa chithunzi cha ekisireyi, dayafulamu ya kumanja imakhala pamwamba pang'ono mwachibadwa. Ndiye ikaoneka ya kumanzere ili pamwamba kuposa inzake, chilipo chalakwika. Koma chithunzi n'choima, sichionetsa kuyenda kwa mnofu. Chotsimikizira ndi sikani, yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera: amaika kachipangizo m'munsi mwa nthiti n'kumuuza wodwala kuti afwenthere mpweya m'kati mwamphamvu kudzera m'mphuno. Mbali yabwino imatsika msanga, yolobodoka imaima kapena kudumphira m'mwamba.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna mukafunse mwachindunji. Pa ngozi ya pamsewu dayafulamu ikhoza kung'ambika, makamaka kumanzere, chifu kapena matumbo n'kulowa m'chifuwa, ndipo pa ekisireyi zimenezi zimafanana kwambiri ndi mnofu wolobodoka. Kung'ambika sikudikirika, kumafuna opaleshoni. Ngati bambo amasanza akadya, amamva kupweteka kwambiri m'chifuwa kapena paphewa la kumanzere akakhuta, musadikire tsiku la kiliniki. Paphewa ndatchulapo dala: khungu la pamenepo limadalira muzu womwe uja wa C4, motero ululu wa pa dayafulamu umamvekera kumeneko.

Za kuchira, zimatengera mmene mtsempha unavulalira. Ukangofinyika, umadzuka pakapita masabata kapena miyezi yochepa. Ulusi wake wa m'kati ukafa, umameranso pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndipo kuchokera m'khosi kukafika pa dayafulamu ndi mtunda wa masentimita pafupifupi 30. Amenewo ndi masiku 300, miyezi 10. Ndiye pa miyezi 3 musanataye mtima. Madokotala amadikira chaka kapena kupitirirapo. Ngati unadukiratu, kapena mizu inazuka, sumera wokha. Befu akapitirira mpaka kumulepheretsa munthu ntchito, pali opaleshoni yopinda mnofu wolobodokawo n'kuusoka kuti ukungike. Suyambanso kugwira ntchito, koma umaleka kukwera, ndipo phapo limapeza malo.

Pakadali pano, azigona mutu ndi chifuwa zili pamwamba, pa mapilo awiri kapena atatu, kapena mukweze miyendo ya kumutu kwa bedi ndi njerwa. Azidya pang'ono, osakhuta kwambiri, makamaka madzulo. Ngati amasuta fodya aleke, ndipo mowa ndi mankhwala ogonetsa aziwapewa chifukwa zimafooketsa kupuma m'tulo. Aziyenda tsiku lililonse. Nthiti ndi minofu ina zimazolowera kuthandizira. Kunsi kwa phapo losatambasuka bwino kumasunga makhololo, ndiye akayamba kutentha thupi ndi kutsokomola, apite kuchipatala tsiku lomwelo kuopa chibayo.

Inu muziwayang'ana akagona. Mimba ya munthu wabwinobwino imatukuka akamakoka mpweya. Mukaona ikulowa m'kati pamene chifuwa chikukwera, kapena akulephereratu kugona chagada ngakhale mphindi imodzi, akudzuka ndi mutu m'mawa uliwonse n'kumasinza masana, ndiye kuti mwina mbali zonse ziwiri zafooka ndipo mpweya woipa ukuunjikana m'magazi usiku. Zikatero bwererani kuchipatala msanga, mukawauze zimene mwaonazo, chifukwa munthu wotere amafunika makina omuthandiza kupuma akamagona.