Kusintha ndege ku Frankfurt ndi ku Amsterdam: viza yofunika ndi iti?

"Ndili ndi pasipoti ya Malawi ndipo ndikupita ku Toronto, koma ndidzasintha ndege ku Frankfurt kenako ku Amsterdam. Kodi viza yongodutsira ikwanira, kapena ndifunika ya alendo?"

Achimwene, pa ulendo umenewu yongodutsira sikuthandizani. M'mayiko a Schengen, omwe ndi mayiko a ku Ulaya amene anagwirizana kuti anthu aziyenda pakati pawo ngati m'dziko limodzi, viza yongodutsira pabwalo la ndege ndi ya mtundu A, ndipo imangokulolani kudikira m'chigawo cha apaulendo ochokera kunja, osadutsa pamene apolisi amayang'ana mapasipoti. Ya alendo ndi ya mtundu C, yomwe imakulolani kulowa m'dziko ndi kukhalamo masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse.

Vuto lili pa ndege ya pakatiyo. Germany ndi Netherlands onse ali mu Schengen, choncho ulendo wochoka ku Frankfurt kupita ku Amsterdam umatengedwa ngati wa m'dziko limodzi. Kuti mukwere ndegeyo muyenera kudutsa pamene apolisi amayang'ana mapasipoti ku Frankfurt, ndipo pamenepo mwalowa mu Schengen, ngakhale simunatuluke pabwalo n'komwe. Apa pafunika mtundu C, ndipo viza yanu ya Canada siingalowe m'malo mwake. Popanda vizayo, a kampani ya ndege angakukanizeni kukwera mukadali ku Lilongwe.

Chimodzimodzinso mukagula matikiti awiri osiyana, chifukwa kawirikawiri mumayenera kukatenga katundu wanu ndi kukamulembetsanso, ndipo malo otengera katundu ali kuseri kwa oyang'ana mapasipotiwo.

Ine ndikanakhala inu, ndikanasintha tikitiyo kuti ikhale imodzi, yoima pabwalo limodzi lokha la Schengen.