Ukapeza x = 0 ndi y = 0, bwerera pa lamuda

"Ndili chaka choyamba cha uinjiniya. Masamu a Fomu 4 ndinakhoza bwino, koma ma aigenivalu andizunguza mutu. Ndikamafuna aigenivekita ndimangopeza x = 0 ndi y = 0. Bambo akuti andigulira kalikuleta yodula yoti izindiwerengera. Kodi ndingosintha kosi?"

Makalata otere amabwera semesita iliyonse, ndipo yankho langa silisintha: kosi siinalakwe. Bambo akowo uwathokoze, koma ndalamayo asunge. Mphunzitsi amachonga njira imene wadutsa, ndiye yankho lotsika m'makina lopanda ntchito yake likupatsa malikisi ochepa zedi. Makolo ambiri amaganiza kuti vuto lililonse la kusukulu limatha ndi kugula chinthu. Ili limatha ndi pepala ndi pensulo.

Yamba wamvetsa chimene ukufunafuna. Matirikisi A ikachulukitsa vekita, nthawi zambiri imaikhotetsa. Koma pali mavekita ena amene sachoka pa mzere wawo, amangotalika, kufupika kapena kutembenuka. Amenewo ndiwo ma aigenivekita, ndipo nambala imene achulukitsidwa nayo, lamuda, ndiyo aigenivalu: Av = λv. Tikasamutsira zonse mbali imodzi timapeza (A − λI)v = 0, pamene I ndi matirikisi imene ikachulukitsa vekita siisintha kanthu. Vekita ya ziro imakwaniritsa zimenezi pa lamuda iliyonse, n'chifukwa chake sitiiwerengera. Kuti papezeke vekita ina yosakhala ziro, detaminanti ya A − λI iyenera kukhala ziro. Polinomiyo imene timasova kuti tipeze lamuda imachokera pamenepa.

Tenga matirikisi iyi:

```
A = | 4  1 |     A − λI = | 4−λ   1  |
    | 2  3 |              |  2   3−λ |
```

Taona kuti lamuda yachotsedwa pa 4 ndi pa 3 pokha, manambala a pa mzere wopingasa wochokera kumwamba kumanzere. 1 ndi 2 sanakhudzidwe. Ophunzira ambiri amachotsa lamuda pa manambala onse anayi, ndipo kuyambira pamenepo zonse zimasokonekera.

Detaminanti ndi (4 − λ)(3 − λ) − (1)(2), imene ikatambasulidwa imakhala λ² − 7λ + 10 = 0. Iyi ndi kwadiratiki yomwe ija ya kusekondale, (λ − 5)(λ − 2) = 0, choncho lamuda ndi 5 kapena 2. Usanapitirire, yesa kaye. Ma aigenivalu awiriwo ukawaphatikiza ayenera kufanana ndi 4 + 3, ndipo 5 + 2 ndi 7. Ukawachulukitsa ayenera kupereka detaminanti ya A, ndipo 12 − 2 ndi 10, chimodzimodzi 5 × 2. Sizitenga ndi mphindi yomwe, koma ndi ochepa amene amadzivutitsa.

Tsopano pamene ukugwera iwe. Ika λ = 5 mu (A − λI)v = 0, ndipo v ikhale (x, y). Mzere woyamba ukupereka −x + y = 0, wachiwiri 2x − 2y = 0. Wachiwiriwu ndi woyamba uja wochulukitsidwa ndi −2, ndiye kuti uli ndi ikweshoni imodzi yokha. Ukayesa kuwasova pamodzi udzapeza 0 = 0, ndipo ena amachita mantha n'kufufuta ntchito yolondola. Ayi, 0 = 0 ndi umboni wakuti lamuda yako ili bwino. Ikweshoni ikunena kuti y = x, ndiye sankha wekha x = 1, upeze vekita (1, 1). Wina akalemba (3, 3) wakhozanso, pakuti onsewo ali pa mzere umodzi.

Pa λ = 2 mizere yonse iwiri ikuti 2x + y = 0. Ukasankha x = 1, y ndi −2. Chulukitsa A ndi (1, −2): pamwamba 4 − 2 = 2, pansi 2 − 6 = −4. Yankho (2, −4) ndi vekita yomwe ija kuwirikiza kawiri, monga lamuda inanenera.

Nanga ziro zakozo zikuchokera kuti? Ngati mizere iwiriyo siikugwirizana motere n'kukukakamiza kuti x ndi y onse akhale ziro, lamuda yako ndi yolakwika, kapena walakwitsa poichotsa. Palibenso chifukwa china. Kawirikawiri ndi chizindikiro chochotsera chimene chinatayika potambasula (4 − λ)(3 − λ), kapena kuphatikiza 2 uja m'malo momuchotsa. Vuto lako ndi alijebura ya Fomu 3 imene yachita dzimbiri, ndipo ukathawira kosi ina ya sayansi uikapezanso ikukudikira.

Nthawi zina kwadiratiki siipereka manambala enieni. Matirikisi ya mizere (0, −1) ndi (1, 0) imapereka λ² + 1 = 0, chifukwa imazungulitsa vekita iliyonse ndi madigiri 90, palibe yotsala pa mzere wake. Pamenepo sunalakwitse, wangofika pa manambala a kompulekisi.

Sindikulonjeza kuti chaka chachiwiri chidzapepuka, pakuti ma aigenivalu omwewa adzabweranso pa kunjenjemera kwa milatho ndi pa masekiti a magetsi. Sabata ino sova matirikisi khumi pamanja, ndipo pa iliyonse uyese kuphatikiza, kuchulukitsa, ndi Av = λv usanayang'ane yankho la m'buku. Zikakanikabe, tenga mapepala akowo upite nawo kwa mphunzitsi akakusonyeze mzere umene ukutayira chizindikiro.