Kodi chilembo chachitatu cha kodoni chikasintha palibe vuto?

Kalata ya lero yachokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira bayoloje. Walemba kuti: "Aphunzitsi athu anati chilembo chachitatu cha kodoni chimagwedera, choncho chikasintha puloteni imakhala momwemo. Koma anatinso matenda a sikoselo amabwera chifukwa cha chilembo chimodzi chokha. Nanga ndingadziwe bwanji kusintha koopsa ndi kosaopsa?"

Zikomo achemwali. Aphunzitsi anu sananame, koma anaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo m'pofunika tizilekanitse.

Choyamba ndi nkhani ya kuwerengera. Pa mRNA, uthenga wokoperedwa kuchokera ku jini, pali mitundu inayi ya zilembo, A, U, G ndi C, ndipo zimawerengedwa zitatuzitatu. Gulu lililonse la zilembo zitatu ndilo kodoni, kotero makodoni onse alipo 64. Atatu mwa iwo, UAA, UAG ndi UGA, amauza raibozomu, kamakina ka m'selo kolumikiza ma amino asidi kuti apange puloteni, kuti ilekere pomwepo. Otsala 61 amagawana ma amino asidi 20 okha, ndiye ma amino asidi ambiri ali ndi makodoni oposa amodzi. Kugawanako sikofanana. Alanini ili ndi anayi, GCU, GCC, GCA ndi GCG, ndipo apa chilembo chachitatu chilibedi ntchito. Gulutameti ili ndi awiri okha, GAA ndi GAG. Tiriputofani ili ndi imodzi yokha, UGG, moti chilembo chake chachitatu chikasanduka A mumapeza UGA, ndipo puloteni imadukira panjira. Taonani, ndi chilembo chachitatu chomwecho.

Chachiwiri, kugwedera kuja, ndi nkhani ya kawerengedwe ka makodoniwa. Amene amabweretsa amino asidi ndi tRNA, yomwe ili ndi zilembo zake zitatu zotchedwa antikodoni zolumikizana ndi kodoni. M'chaka cha 1966 Francis Crick anafotokoza kuti zilembo ziwiri zoyamba za kodoni zimagwirana zolimba ndi za antikodoni motsata lamulo, A ndi U, G ndi C, koma pachitatu pamakhala kampata. Pamenepo G ya antikodoni ingagwire C kapena U. Palinso chilembo china chotchedwa inosini, cholembedwa I, chimene chimagwira U, C kapena A, moti tRNA imodzi ya alanini yokhala ndi antikodoni IGC imawerenga GCU, GCC ndi GCA. N'chifukwa chake selo silifunika mitundu 61 ya tRNA. Koma kugwedera sikukonza cholakwika chilichonse pa jini. Ngati kodoni yatsopano ndi ya amino asidi ina, tRNA ina imabwera n'kuika amino asidi inayo mokhulupirika. Chimene chimateteza puloteni ndi kagawidwe ka makodoni kaja, ndipo chitetezocho chili ndi malire.

Tiyeni titenge kodoni ya sikoselo yomwe mwafunsayo. Himogulobini, puloteni yonyamula okosijeni m'magazi, ili ndi unyolo wotchedwa beta wa ma amino asidi 146. Pamalo a nambala 6 pali GAG, gulutameti. Chilembo chilichonse mwa zitatuzi chingasinthe m'njira zitatu, ndiye njira zonse ndi zisanu ndi zinayi.

Chachitatu chikakhala A, GAA ndi gulutameti yomweyo ndipo puloteni siisintha. Mwa njira zonse zija, yachete ndi iyi yokha. Chikakhala U kapena C mumapeza asipateti, amino asidi ina ndithu, koma ndi m'bale wake wa gulutameti: zonse ziwiri zili ndi mphamvu ya magetsi ya negetivi ndipo zimagwirizana ndi madzi. Kusintha kotere nthawi zambiri puloteni imakupirira.

Chilembo chapakati n'chimene kawirikawiri chimasankha khalidwe la amino asidi. GAG ikasanduka GUG, yomwe pa DNA imalembedwa GTG, pamalo 6 pamalowa valini. Vernon Ingram ndiye anaonetsa mu 1957 kuti kusiyana kwa himogulobini ya sikoselo ndi amino asidi imodzi imeneyi. Valini ili ngati dontho la mafuta, imathawa madzi. Vuto n'lakuti malo 6 ali kunja kwa puloteni, poyang'anizana ndi madzi. Himogulobini ikatula okosijeni imasintha kaonekedwe pang'ono, ndipo pa unyolo wa beta pamatseguka kadzenje pakati pa fenilalanini ya pa 85 ndi lusini ya pa 88, komwenso kamadana ndi madzi. Valini ya himogulobini imodzi imalowa m'kadzenje ka inzake, inzakeyo n'kugwiranso ina, mpaka kupanga ulusi wautali wouma umene umapinda selo lofiira. Maselo opindikawo amatseka timitsempha ting'onoting'ono ndipo amafa msanga, n'chifukwa chake wodwala amamva ululu komanso amachepa magazi.

Tsopano pamalo omwewo, chilembo chomwecho chapakati, ikani C. GCG ndi alanini. Himogulobini yotere ilipo mwa anthu, imatchedwa Makassar, ndipo siipanga ulusi uja. Alanini nayo siikonda madzi kwenikweni, koma ndi yaing'ono, siigwira m'kadzenje muja. Kwa ine chitsanzo ichi chimaphunzitsa kuposa tebulo lonse la makodoni, chifukwa chikuonetsa kuti kungomva zoti amino asidi yasintha sikukwanira. Muyenera kufunsa kuti yalowa iti, ndipo yakhala pati.

Chilembo choyamba chikakhala A mumapeza AAG, laisini, ya mphamvu ya pozitivi. Iyi ndi himogulobini C, imene imapanga timibulu touma m'selo ndipo payokha imadwalitsa pang'ono poyerekeza ndi sikoselo. Chikakhala U mumapeza UAG, ndipo raibozomu imaima unyolo utangoyamba. Kusintha kwa mtundu uwu kumadziwika bwino pa kodoni 39 ya jini yomweyi, pomwe CAG imasanduka UAG: unyolo wa beta supangidwa n'komwe kuchokera ku jiniyo, ndipo zotsatira zake ndi matenda ochepetsa magazi otchedwa thalasimiya. Kawirikawiri selo limazindikira mRNA yokhala ndi poimira pofulumira chonchi n'kuiphwanya.

Mukaphatikiza, pa GAG njira imodzi ndi yachete, imodzi imadula unyolo, zisanu ndi ziwiri zimasintha amino asidi, ndipo mwa zisanu ndi ziwirizo zina n'zoopsa, zina ayi.

Ngakhale kusintha kwachete musakukhulupirire kotheratu. Pa kodoni 24 ya jini yomweyi, GGU ikasanduka GGA, zonse ziwiri ndi gulaisini, komabe munthu angadwale thalasimiya. Vuto lake limachitika raibozomu isanayambe ntchito. RNA ikangokoperedwa kuchokera ku DNA, selo limadula zigawo zosafunika n'kulumikiza zotsala, ndipo limadziwa podula poyang'ana zilembo. Chilembo chatsopanocho chimapangitsa malo a pafupi ndi kodoni 24 kuoneka ngati podulira, selo n'kumadula polakwika, ndipo unyolo wa beta wabwino umachepa.

Pa mayeso, kapena mukapatsidwa zilembo za jini ziwiri kuti muyerekeze, yambani ndi kugawa zilembozo zitatuzitatu kuyambira pa AUG, kodoni yoyambira. Onani ngati chilembo changosinthanitsidwa kapena chachotsedwa kapena kuwonjezeredwa, chifukwa chimodzi chikasowa magulu onse a kutsogolo amasokonekera ndipo kawirikawiri posakhalitsa pamatulukira kodoni yoimitsa. Ngati changosinthanitsidwa, yang'anani pa tebulo kodoni yakale ndi yatsopano, yerekezani ma amino asidi awiriwo pa kukula, pa mphamvu ya magetsi ndi pa kugwirizana ndi madzi, kenako fufuzani ngati malowo ali mkati mwa puloteni, kunja kwake, kapena pamene imagwirira ntchito yake. Amino asidi ikapanda kusintha, onaninso ngati chilembocho chili pafupi ndi malo odulira RNA.