Fayilo ya soya ikuuma potsegula

"Abale thandizeni. Ndine mlembi wa kopaletivu kuno ku Mchinji, cha ku Kamwendo. Fayilo ya Excel yomwe timalembamo matumba a soya ndi mtedza yayamba kuuma ndikaitsegula, pamwamba imalemba Not Responding, mwina mpaka imadzitseka yokha. Mizere yake ndi 1,900 basi koma ikuonetsa 41 MB. Ndi vairasi kapena laputopu yatha?"

Achemwali, musathamangire kwa okonza makompyuta ku boma. Nambala ziwiri mwatchulazo zikuulula kale pomwe pali vuto. Mizere ngati imeneyo, ya maina a alimi, makilo ndi mitengo, nthawi zambiri siifika ndi 1 MB yomwe. Fayilo yanu yanyamula katundu amene simukumuona.

Musanakhudze chilichonse, ikopeni. Ina ikhale pa fulashi osaigwira, ina muiike pa kompyuta penipeni, ndipo ndi imeneyo muziyesererapo. Zimene ndikuuzanizi ndi zofufuta, ndipo mukaseva n'kutseka, kubweza kulibe.

Kenako tione kaye ngati wodwala ndi Excel kapena fayiloyo. Tsekani zonse, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe izi:

```
excel /safe
```

Excel idzuka yopanda timapulogalamu towonjezera tomwe timadzimamatiza kwa iyo, monga tosandutsa mafayilo kukhala PDF kapena tobwera ndi sikana. Muli momwemo tsegulani fayilo yanu kudzera pa File, Open. Ikatseguka msanga, ndiye kuti wolakwa ndi kamodzi mwa timapulogalamuto. Pitani pa File, Options, Add-ins, pansi pa Manage musankhe COM Add-ins, dinani Go, muchotse tizizindikiro tonse. Chitaninso chimodzimodzi pa Excel Add-ins. Mukatero muzibwezera kamodzikamodzi, uku mukutseka ndi kutsegulanso Excel, mpaka kuuma kuja kubwerere. Komwe mwabwezera komalizako ndi komweko, kasiyeni kozimitsa. Koma ine ndikukayika kuti vuto lanu ndi limeneli, chifukwa kapulogalamu koipa kamavutitsa mafayilo ambiri, ndipo sikanenepetsa fayilo.

Ndiye tibwere komwe ndikuganizira. Tsamba limodzi la Excel lili ndi mizere 1,048,576. Mzere umene sunakhudzidwepo sulemera kanthu. Koma kabokosi kakangolandira fomula, kapena mpata wa sipesi umodzi wosaoneka ndi maso, Excel imakawerengera kuti kali pantchito, ndipo imakasunga n'kumakadzutsa nthawi iliyonse mukatsegula.

Kuti mudziwe, pitani pa tsamba lililonse ndi kudina Ctrl pamodzi ndi End. Excel ikuponyani pa kabokosi komwe iyo ikuyesa kuti ndi komaliza. Ikakufikitsani pafupi ndi pomwe mlimi womaliza walembedwa, tsambalo lili bwino. Ikakuponyani kuchipululu, tsambalo ndi lomwe ladwala. Chizindikiro china ndi kachitsulo kotsetserekera ka kumanja kuja: kakachepa kwambiri, moti kungokasuntha pang'ono mwadumpha mizere masauzande, dziwani kuti kunsiko kuli zinthu.

Ndinakumana nazo ine ku Kasungu, pa fayilo ya kalabu ina ya alimi a fodya. Mabelo olembedwa anathera pa mzere 1,240, koma Ctrl ndi End inandifikitsa pa H1048576. Nditayang'ana tibokosi tooneka topanda kanthu tija, ndinapeza fomula ya mtundu uwu:

```
=IF(C2="","",C2*D2)
```

Mnyamata amene anakonza fayiloyo anali ndi nzeru ndithu. Ankafuna kuti mlembi akangolowetsa makilo ndi mtengo, ndalama zizituluka zokha, choncho anasankha kolamu yonse n'kuidzaza fomulayo mpaka pansi. Anachita zimenezi m'makolamu atatu. Fomulayo ikapeza kuti makilo palibe siionetsa kanthu, n'chifukwa chake palibe anaiona. Koma amenewo ndi mafomula opitirira 3 miliyoni, pa laputopu ya memore ya 4 GB. Inkachita kulira ngati chigayo.

Kuchotsa kwake nkosavuta, koma pali pamene ambiri amaphonya. Yambani mwalemba papepala matotala anu onse, makilo a soya, a mtedza, ndi ndalama zolipira alimi. Ngati pali Filter yoyatsa, izimitseni kuti mizere yonse ioneke. Tsikirani pomwe zolemba zanu zathera, dinani pa nambala ya mzere wotsatira, kumanzere kwenikweni kuja, kuti mzere wonse usankhidwe. Gwirani Ctrl ndi Shift, dinani muvi wolozera pansi, ndipo ngati sunafike pa 1048576 udineninso. Tsopano dinani batani lakumanja la mausi pa nambala za mizerezo, musankhe Delete. Osati batani la Delete la pa kiyibodi ayi. Limenelo limangopukuta zolembedwa, n'kusiya mitundu ndi malire a tibokosi, ndipo Excel imapitiriza kuwerengera mizereyo. Ngati kabokosi komaliza kanalinso kutali chakumanja, chitani zomwezo ndi makolamu pogwiritsa ntchito muvi wakumanja.

Ikaoneka ngati yaumanso pamenepa, isiyeni, kamweni tiyi. Mukatha sevani, tsekani, tsegulaninso. Musanaseve, Ctrl ndi End ikhoza kukuponyanibe kuchipululu kuja, ndiye munthu amayesa kuti zakanika pomwe zatheka. Ya ku Kasungu ija inatsika n'kukhala yosakwana 1 MB, n'kumatseguka ngati mafayilo ena onse.

Tsopano yerekezani matotala ndi aja a papepala. Akasiyana, kapena mukaona #REF! penapake, ndiye kuti munthu wina anabisa mitengo kapena mawerengero kunsi kwa tsamba, mwawafufutira limodzi. Bwererani ku ya pa fulashi ija mukawapeze. Palinso msampha wina umene suonekera tsiku lomwelo. Fomula ngati SUM(E2:E5000) imafupika yokha mukafufuta mizere, n'kuthera pomwe zolemba zathera, moti matumba omwe mudzalembe mawa akhoza kusalowa m'totala. Ndi ndalama za alimi zimenezo, choncho yang'anani mafomula a matotala limodzilimodzi. Chabwino koposa, dinani mkati mwa zolembazo kenako Ctrl ndi T kuti zikhale tebulo, ndipo matotala azilozera ku tebulolo. Tebulo limakula lokha mukalemba mzere watsopano, limatsitsanso fomula lokha. Zomwe ankafuna mnyamata uja ndi zimenezi.

Mwina mundiuza kuti fayilo siikulola n'komwe kufika poti mudine Ctrl ndi End. Zikatero tsegulani Excel yopanda kanthu, pitani pa Formulas, Calculation Options, musankhe Manual, kenako osatseka, tsegulani fayilo yanu kudzera pa File, Open. Excel imatsatira kawerengedwe ka fayilo yoyamba kutsegulidwa, ndiye siiyamba kuwerenga mafomula onse aja pakhomo pomwe. Mukamaliza kukonza musaiwale kubwezera pa Automatic musanayerekeze matotala, apo ayi adzakhala ataima pamodzimodzi inu mukulemba.

Ngati masamba onse akuthera pabwino koma fayilo ikadali yonenepa, tengani kope lina, musinthe mapeto a dzina lake kuchoka pa .xlsx kukhala .zip, mulitsegule ngati foda. Mu xl muli worksheets, momwe tsamba lililonse lili ndi kukula kwake, ndipo ngati munaikamo zithunzi muonanso media. Zithunzi za malisiti zojambula pa foni zikhoza kukhalabe zolemera ngakhale mutazichepetsa pozikoka m'makona. Mundilembere chomwe chakula kwambiri mmenemo, komanso kabokosi komwe Ctrl ndi End yakufikitsani pa tsamba la soya.